P/E yobwereka: mmene timayikira mtengo pa kampani yomwe siili pa msika

Kampani ikakhala pa msika wa masheya, mtengo wake suvuta kuudziwa. Mumayang'ana kuti sheya imodzi yagulitsidwa pa ndalama zingati lero, n'kuchulukitsa ndi masheya onse, basi. Koma makampani ambiri m'Malawi muno sali pa msikawo. Ndi a m'banja, kapena a anthu awiri atatu omwe adasonkherana mpamba zaka zapitazo. Tsiku limene mmodzi wafuna kutulukamo, kapena mwini wake wamwalira ana n'kumagawana chuma, pamafunika nambala, ndipo palibe pepala lomwe nambalayo idalembedwapo.

Njira imene anthu owerengera chuma amathamangira ndi yobwereka. Timapeza makampani a pa msika omwe tikuti akufanana ndi yathu, n'kuwona kuti ogula masheya akulipira makwacha angati pa kwacha iliyonse ya phindu la pachaka. Nambala imeneyo ndiyo P/E:

```
P/E = mtengo wa sheya / phindu la pa sheya
mtengo wa kampani = P/E x phindu la pachaka
```

Sheya ikamagulidwa pa K80 pomwe phindu logwera sheya imodzi ndi K10 pachaka, P/E yake ndi 8. Ndiye ngati kampani yathu imapeza K500 miliyoni msonkho utachotsedwa, timati mtengo wake ndi K4 biliyoni. Wogulitsa nyumba amachitanso chimodzimodzi: amafunsa kuti nyumba ya aneba idapita pa zingati. Ndipo aliyense amadziwa kuti funso lotsatira n'lakuti aneba ake ati, a nyumba yampanda ya m'mbali mwa msewu kapena a kuseri kwa dambo aja.

Kuchulukitsako kumatha mphindi imodzi. Mtengo weniweni umagamulidwa kuchulukitsa kusanayambe, pa nthawi yosankha phindu loti tichulukitse ndi makampani oti tifanizire. Ndawona malipoti okhuthala, a masamba ambiri okamba za chuma cha dziko, koma posankha makampani ofanizira pali mzere umodzi wokha wakuti "makampani a zakudya". Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mzere umodziwo ndiwo umachotsa kapena kuwonjezera mamiliyoni mazanamazana m'thumba la munthu, nthawi zambiri mayi wamasiye kapena mwana yemwe sadziwa poyambira kufunsa.

Tiyeni tiyerekeze kampani imodzi, ndipo manambala ake onse ndi ongopeka kuti tiwone mmene masamu amayendera. Ndi fakitale ya m'banja ku Kanengo, yopanga ufa wa phala, chiponde ndi nyama ya soya. Bambo adayisiyira ana atatu. Mlongo wawo ali ndi magawo 30 pa 100, ndipo akufuna kugulitsa gawo lakelo kwa achimwene ake. Mabuku a chaka chatha akuwonetsa phindu la K600 miliyoni msonkho utachoka.

Tisanayang'ane kampani ina iliyonse, K600 miliyoni ija iyenera kupetedwa. P/E imaganiza kuti phindu lomwe mukuchulukitsalo lizibwera chaka ndi chaka, choncho chilichonse chobwera kamodzi chiyenera kutuluka. Titatsegula mabuku tikupeza kuti chaka chathacho kampani idagulitsa malo omwe padali nyumba yakale yosungiramo katundu, n'kupindulapo K150 miliyoni. Malowo sangagulitsidwe kawiri. Tikawerengera msonkho wa makampani wa 30 peresenti, tichotsa K105 miliyoni. Tikupezanso kuti achimwene aakulu, omwe amayendetsa fakitale, salandira malipiro, amangotapa m'phindu. Wogula wakunja akadayenera kulemba bwana woyendetsa ntchito, tinene pa K60 miliyoni pachaka, zomwe zikhala K42 miliyoni msonkho utawerengeredwa. Pomaliza, nyumba ya fakitale ndi ya banja ndipo kampani silipira lendi. Lendi yoyenera ikadakhala K90 miliyoni, kutanthauza K63 miliyoni ina yochotsa. Zonse pamodzi ndi K210 miliyoni, ndipo phindu lodalirika latsala K390 miliyoni. Pa P/E ya 8, kusiyana kwa manambala awiriwa ndi K4.8 biliyoni ndi K3.12 biliyoni. Sitinasankhe n'komwe kampani yofanizira, koma K1.68 biliyoni yasungunuka kale.

Tsopano tifanizire ndi ndani? Apa ndi pomwe Malawi amativutitsa. Msika wathu wa masheya ku Blantyre, womwe kampani yoyamba kulowapo idali NICO mu 1996, wakhala zaka zingapo uli ndi makampani 16 okha. Asanu mwa iwo ndi a mabanki: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH ndi FMB Capital Holdings. Awiri ndi a mafoni, Airtel ndi TNM. Pali a mahotela, Sunbird ndi Blantyre Hotels. A nyumba ndi malo, MPICO ndi ICON. A inshuwalansi ndi osunga masheya a makampani ena. Kampani yopanga chakudya ilipo imodzi, Illovo. Wopanga chiponde alibe mnzake weniweni pamenepo.

Ambiri amagwa m'mayesero otenga avereji ya msika wonse. Koma avereji ya msika wathu kwenikweni ndi nkhani ya mabanki, ndipo phindu la mabanki m'zaka zaposachedwapa lakula kwambiri chifukwa cha chiwongoladzanja chokwera komanso kukongoza boma. Chiwongoladzanja chomwecho chimene chimanenepetsa banki ndicho chimawondetsa fakitale yomwe imakongola ndalama zogulira soya nthawi yokolola. Makampani awiri omwe chinthu chimodzi chimawakokera mbali zosiyana sangabwerekane P/E. Palinso kamsampha kena komwe anthu saona: makampani a pa msika wathu ndi olowanalowana. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank ndi mu TNM, NICO ili ndi gawo lalikulu mu NBS, ndipo NITL ntchito yake n'kusunga masheya a makampani omwewa. Mukayika Press Corporation ndi National Bank pamndandanda umodzi, mwawerenga banki yomweyo kawiri, ndipo mndandanda wooneka ngati wa mboni zisanu ndi chimodzi umakhala wa mboni zitatu.

Nanga Illovo? Ndi yopanga chakudya, inde, ndipo makasitomala ake ndi omwewo ogula m'magolosale. Komabe Illovo imalima yokha nzimbe zambiri ku Nchalo ndi ku Dwangwa, shuga wake ali m'nyumba pafupifupi iliyonse, imagulitsako kunja n'kupeza ndalama zakunja, ndipo kumbuyo kwake kuli kampani yaikulu ya ku Britain, Associated British Foods. Fakitale yathu imagula soya ndi mtedza kwa mavenda pa mtengo wa tsikulo, ndipo ikakweza mtengo wa chiponde wogula amangotenga botolo la kampani ina pa shelefu yomweyo. Mabuku awo sayendanso limodzi. Chaka cha Illovo chimatha mu Ogasiti pomwe cha makampani ambiri chimatha mu Disembala, ndipo malamulo owerengera chuma amafuna kuti nzimbe zomwe zikadali m'munda ziyikidwe mtengo, kusintha kwa mtengowo n'kulowa m'phindu ngakhale palibe thumba la shuga lomwe lagulitsidwa. Sindikunena kuti Illovo isalowe pamndandanda. Ilowe, poti ndi yokhayo, koma ngati denga: nambala yomwe fakitale yaing'ono siyenera kuyipitirira.

Nkhani ya phindu la papepalayi ndi yaikulu kwambiri ku makampani a nyumba ndi osunga masheya. Nyumba za MPICO kapena ICON zikayesedwanso mtengo n'kupezeka kuti zakwera, kukwerako kumalembedwa ngati phindu. Masheya omwe NITL imasunga akakwera pa msika, nakonso n'chimodzimodzi. Phindu likatupa chonchi P/E imaoneka yotsika kwambiri, ndipo wogula wochenjera amakonda kulowetsa makampani otere pamndandanda kuti avereji igwe. Njira yogwirira msampha umenewu n'kufananiza phindu ndi ndalama zenizeni zomwe zalowa kuchokera pa ntchito ya kampaniyo, zomwe zimalembedwa patsamba lakelake m'lipoti la pachaka. Zikatalikirana kwambiri, P/E imeneyo siikunena za bizinesi yogulitsa katundu.

Wogulitsa naye ali ndi kochenjera kwake. Amawoloka malire n'kukatenga makampani a zakudya a pa msika wa ku Johannesburg, monga Tiger Brands ndi AVI, n'kunena kuti awa ndiwo anzathu enieni poti nawonso amapanga chiponde kapena mabisiketi. Pa katundu akufananadi. Kuti tiwone pomwe akusiyana, tiyenera kutsegula P/E n'kuwona zomwe zili m'kati mwake. Kwa kampani yokhazikika, masamu ake ndi awa:

```
P/E = d / (r - g)
```

Apa d ndi gawo la phindu lomwe limagawidwa kwa eni masheya, r ndi phindu lomwe woyika ndalama amafuna pachaka kuti avomere chiwopsezo cha kampaniyo, ndipo g ndi liwiro lomwe phindu lizikula nalo chaka ndi chaka. Zinthu zitatu zimenezi ndizo ziyenera kufanana. Zomwe zili m'botolo zimabwera pambuyo.

Mu 2024 chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank of Malawi imakhazikitsa chidali 26 peresenti, pomwe cha banki yaikulu ya ku South Africa chidali cha m'ma 8. Munthu woti angathe kukongoza boma n'kulandira zoposa 20 peresenti pachaka sangalowe m'fakitale ya chiponde kuti azipeza 13. Ndiye tiyerekeze: kampani ya kunja ikugawa 0.6 ya phindu lake, r yake ndi 0.13, g ndi 0.08, P/E ikutuluka 12. Fakitale yathu ikugawa 0.4 yokha, chifukwa mitengo ikamakwera thumba la soya lomwelo limafuna ndalama zambiri chaka chilichonse ndipo phindu lambiri limabwerera m'nkhokwe. Tiyike r pa 0.33 ndi g pa 0.25, P/E ikutuluka 5.

Ena amalakwitsa cha mbali ina, n'kunena kuti chiwongoladzanja chikakhala pa 26 ndiye P/E isapitirire 4. Ayi. Kukwera mitengo kwa zinthu kumakweza r koma kumakwezanso g, malinga kampaniyo ikutha kukankhira mtengo kwa ogula. Nkhani yonse ili pa "malinga" ameneyu. Fakitale ikamatha kukweza mitengo mofulumira, g n'kufika 0.27, P/E imakwera kufika pafupifupi 6.7. Ikamatsalira m'mbuyo pang'ono, g n'kukhala 0.22, P/E imagwa kufika 3.6. Chifukwa chake ine ndikapatsidwa mabuku a kampani yotere, ndimathamangira kuwona zomwe zidachitika kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kodi phindu lotsala pa kwacha iliyonse ya malonda lidabwerera msanga pamalo pake, kapena lidatsika n'kukhazikika pansi? Miyezi imeneyo imaulula za kampani kuposa mndandanda uliwonse wa makampani a kunja.

Pali chinanso chobisika m'masamu omwewa. P/E ya 5 ija ndi ya phindu la chaka chikubwerachi, osati chathachi. Phindu la K390 miliyoni likakula ndi 25 peresenti lifika pafupifupi K488 miliyoni, ndipo kuchulukitsa ndi 5 kukupereka K2.44 biliyoni, zomwe zikufanana ndi P/E ya 6.25 pa phindu la chaka chatha. M'dziko lomwe mitengo imakwera pang'onopang'ono, kusokoneza ziwirizi n'kulakwitsa kwakung'ono. Kuno kumasuntha mtengo ndi gawo limodzi mwa anayi. P/E yolembedwa m'malipoti a msika nthawi zambiri imagawa mtengo wa lero ndi phindu la chaka chomwe maodita adatsimikiza, lomwe lingakhale la miyezi khumi yapitayo kapena kuposa. Imaoneka yokwera chabe chifukwa pamwamba pali kwacha ya lero ndipo pansi pali kwacha ya chaka chatha. Kuyitenga n'kuyichulukitsa ndi phindu loyembekezeka la fakitale yathu n'kuwerengera kukwera mitengo kawiri.

Tinene kuti pambuyo pa kupeta konseku tatsala ndi makampani anayi, ena akuno ena a m'mayiko oyandikana nafe omwe chuma chawo chikufananako ndi chathu, ndipo ma P/E awo ndi 6, 8, 9 ndi 41. Avereji ndi 16, ndipo mtengo wa fakitale ungakhale K6.24 biliyoni. Koma palibe kampani ngakhale imodzi pa zinayizi yomwe ili pafupi ndi 16. Nambala yapakati, pakati pa 8 ndi 9, ndi 8.5, yopereka K3.3 biliyoni. Ndiye 41 uja wachokera kuti? Osafulumira kuganiza kuti ndi kampani yomwe anthu akuyikonda kwambiri. Kawirikawiri ndi kampani yomwe phindu lake lagwa chaka chimodzi. Sheya ili pa K410, phindu lake lanthawi zonse ndi K50, koma chaka chino latsika kufika K10. Ogula akudziwa kuti libwerera, choncho mtengo sunagwe, ndipo P/E yake yeniyeni ndi 8.2. Zoterezi tidaziwona kuno komwe: kugwa kwa kwacha kwa 2023 kudachititsa kuti Airtel Malawi, yomwe idali ndi zolipira m'ndalama zakunja, ilengeze kuti yaluza chaka chimenecho, ngakhale anthu sadasiye kugula mayunitsi. Kampani yoluza ilibe P/E yomveka, ndiye imangochotsedwa pamndandanda mwakachetechete, ndipo otsalawo amakhala okhawo omwe zinthu zidawayendera. Mndandanda wa opambana okha umakometsa chithunzi cha bizinesi yonse. Mankhwala ake n'kuyang'ana zaka zitatu kapena zisanu, phindu la zaka zam'mbuyo litakwezedwa kufika pa mphamvu ya kwacha ya lero.

Ngongole ndingoyikhudza mwachidule. Makampani awiri ofanana m'zonse, ina yopanda ngongole ina yomira m'ngongole, sakhala ndi P/E yofanana, chifukwa phindu la yachiwiriyo limagwedezeka kwambiri malonda akangotsika pang'ono. Ngati ngongole za makampani ofanizira zikusiyana kwambiri ndi za fakitale yathu, ndi bwino kuyesanso ndi EV/EBITDA, yomwe imaphatikiza ngongole ku mtengo wa masheya n'kuyang'ana phindu chiwongoladzanja ndi msonkho zisanachoke. Njira ziwirizi zikapereka mayankho otalikirana, ngongole ndiyo yoyamba kuyikayikira.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtengo wa pa msikawo, womwe timautenga ngati sungalakwe. Airtel ndi FDH polowa pa msika mu 2020 adagulitsa magawo 20 pa 100 okha a masheya awo, ndipo ku Illovo kampani yaikulu idasunga pafupifupi magawo 76. Mwa otsalawo, ambiri ali m'manja mwa makampani a penshoni ndi inshuwalansi, omwe amagula n'kusunga. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, ndalama zimalowa m'mathumba amenewa mwezi ndi mwezi, pomwe malo oziyikamo ndi ochepa ndipo kuzitulutsa kunja n'kovuta. Masheya ena amatha masiku osagulitsidwa, ndipo mtengo womwe mukuwona ungakhale wa munthu mmodzi yemwe adagula masheya ochepa sabata yatha. Kuyambira 2023 mpaka 2025 mitengo ya masheya ambiri idakwera modabwitsa, mwa zina chifukwa anthu amathawitsirako ndalama zawo poopa kukwera mitengo kwa zinthu. Njira yofanizira ilibe maso owonera zimenezi. Imangokuwuzani kuti fakitale yanu ndi yotchipa kapena yodula poyerekeza ndi anzake. Anzakewo akakhala kuti onse akwera mopitirira, nayo imakwera nawo. N'chifukwa chake sindisiya masamu a d, r ndi g ngakhale mndandanda utaoneka wabwino chotani. Mndandanda ukati 15 masamuwo n'kuti 6, pakufunika wina afotokoze kuti kukula kotani komwe kungadzaze mpatawo.

Pa fakitale yathu, njira ziwirizi zatipatsa malire omveka: P/E ya pakati pa 6 ndi 8.5 pa phindu la K390 miliyoni, kutanthauza K2.34 biliyoni mpaka K3.3 biliyoni. Magawo 30 pa 100 a mlongo uja akugwera pakati pa K702 miliyoni ndi pafupifupi K995 miliyoni. Achimwene ake anena, ndipo sakunama, kuti sheya ya pa msika mungathe kuyigulitsa kudzera mwa mabulokala pomwe gawo la m'kampani ya banja lilibe wogula wina, komanso mwini magawo 30 sangakakamize kuti phindu ligawidwe. Apempha kuti mtengo utsitsidwe. Palibe lamulo lonena kuti utsike ndi zingati, n'zokambirana. Akagwirizana zochotsa 20 peresenti, malire atsika kufika pakati pa K562 miliyoni ndi K796 miliyoni. Mlongoyo nayenso ali ndi poyankhira. P/E ya pa msika ndi mtengo wa timagawo ting'onoting'ono ta anthu opanda ulamuliro kale, choncho kumuchotseranso chifukwa chosowa ulamuliro n'kumulanga kawiri; chomwe angavomere ndi kuchotsera kwa kusowa wogula. Ndiponso ogulawo ndi omwe ali kale ndi ulamuliro, ndipo akatenga gawo lake kampani yonse ikhala yawo popanda wofunsa mabuku.

Tinene kuti agwirizana K700 miliyoni. Achimwene sakhala ndi ndalama zonsezo nthawi imodzi, ndiye amapempha kupereka theka lero, theka patatha zaka ziwiri. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, K350 miliyoni ya patatha zaka ziwiri igula zomwe K224 miliyoni ikugula lero. Mlongoyo alandira K574 miliyoni ya mphamvu ya lero, ndipo P/E yomwe adalimbirana miyezi yonseyo yatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Pangano lotere liyenera kunena chiwongoladzanja cha theka lotsalalo, chosachepera chomwe boma likulipira pa ngongole zake za chaka chimodzi, komanso kuti masheya a theka limenelo akhalabe m'dzina la wogulitsa, phindu lake n'kumalandira, mpaka ndalama yomaliza italowa.